Semikoloni kapena mpumiro: podula chiganizo chachitali mu imelo ya kuntchito

Taganizani za ofesi ya kampani yonyamula katundu ku Msasa, muno mu Harare, yomwe malole ake amapita ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. M'maofesi otere simusowa olankhula Chichewa. Ena anabadwira ku Mbare, Mufakose kapena Mabvuku kwa makolo ochokera ku Malawi, ena anangobwera kudzagwira ntchito. Tiyerekeze kuti kalaliki wa mu ofesiyo walembera mnzake wa ku Blantyre mzere uwu:

"Lole inyamuka Lachitatu, ndalama zikalowa, titumiza mapepala a pachipata."

Mawu onse ndi olondola, koma wowerenga sangadziwe chomwe chikudikira ndalama. Kodi ndi lole yomwe siinyamuka mpaka ndalama zitalowa, kapena lole inyamuka ndithu, ndipo ndi mapepala okha omwe akudikira? Mawu oti "ndalama zikalowa" ali pakati ngati mwana wogwidwa manja onse awiri, ndipo mipatuliro iwiriyo siikunena yemwe ali mwini wake. Wa ku Blantyre akamva kuti lole ikudikira ndalama, adzauza kasitomala kuti tsiku lonyamuka silinatsimikizike. Akamva mwa njira inayo, adzamulonjeza kuti katundu ali m'njira Lachitatu. Mmodzi mwa awiriwa adzapepesa.

Chizindikiro chimodzi chokha chikutha nkhaniyi. Ngati lole inyamuka mulimonse, lembani: "Lole inyamuka Lachitatu; ndalama zikalowa, titumiza mapepala a pachipata." Ngati ikudikira ndalama, lembani: "Lole inyamuka Lachitatu ndalama zikalowa; titumiza mapepala a pachipata." M'malo onse awiriwo mungathenso kuika mpumiro ndi kuyamba ndi chilembo chachikulu, ndipo tanthauzo silisintha.

Tisanapitirire, tigwirizane mayina. Mpumiro ndi kadontho kotsiriza chiganizo. Mpatuliro ndi kamchira kapansi kaja, komwe ambiri m'maofesi amakatchula kuti koma. Pano tizinena mpatuliro, kuopa kusokoneza ndi mawu athu oti "koma", omwe tiwafuna kwambiri m'munsimu. Koloni ndi madontho awiri osanjikizana. Semikoloni ndi kadontho pamwamba ndi mpatuliro pansi, ndipo maonekedwe akewo akunena kale ntchito yake: imaimitsa wowerenga kuposa mpatuliro, koma siimutsekera chitseko ngati mpumiro. Inayamba kuoneka m'mabuku osindikizidwa m'zaka za m'ma 1490, m'nyumba yosindikizira mabuku ya Aldus Manutius ku Venice, m'nthawi yomwe ziganizo zinkatalika mizere yambirimbiri ndipo wowerenga ankakhala pansi ndi buku mosathamanga. Imelo ya kuntchito imawerengedwa pa foni, munthu ali mu kombi kapena ali pamzere kubanki. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumachititsa kuti nthawi zambiri mpumiro upambane.

Ntchito yoyamba: ziganizo ziwiri zoima pazokha

Semikoloni imalumikiza ziganizo ziwiri zomwe chilichonse chingathe kuima pachokha, koma zomwe mukufuna kuti ziwerengedwe limodzi. Lamuloli lili ndi mbali ziwiri, ndipo yoyamba ili ndi njira yosavuta yoyesera. Chotsani semikoloniyo, ikanipo mpumiro, kenako werengani mbali ya kumanzere payokha ndi ya kumanja payokha. Zonse ziwiri zikamveka ngati nkhani yatha, semikoloni inali yololedwa. Imodzi ikakusiyani mukudikira mawu ena, semikoloniyo inali yolakwika, ndipo mpumiro nawonso ukanakhala wolakwika pamalopo.

M'Chichewa tiyenera kusamala apa, chifukwa kutalika kwa mawu sikutiuza kanthu. Mneni wathu amanyamula mwininkhani m'kati mwake, choncho liwu limodzi likhoza kukhala chiganizo chathunthu. "Wafika." "Talipira." "Sizinatheke." Onsewa akuima paokha. Pomwe mzere wa mawu asanu ndi anayi ngati "dalaivala wathu atafika pa chipata cha Nyamapanda usiku wadzulo" sukuima ayi. Mukauwerenga mokweza, khutu likufunsa kuti: ndiye chinachitika n'chiyani?

Chomwe chimasiya mawu ali lendelende nthawi zambiri chimabisala m'kati mwa mneni. Kachidutswa ka -ta- mu "atafika" ndi "titalandira" kamalonjeza kuti pali china chikubwera. Ka -ka- mu "zikalowa" ndi "mukavomera" n'chimodzimodzi. Ka -sana- mu "tisananyamuke" ndi po- mu "polemba invoisi" nawonso amafuna mnzawo woti atsamire. Ndiye pali mawu omwe amaima poyera kutsogolo: chifukwa, ngati, ngakhale, pamene, pomwe, mpaka, kuti, ndi a mtundu wa amene, yomwe, zomwe. Chidutswa chomwe chikungotsogozedwa ndi amodzi mwa mawu amenewa, popanda mneni wina womaliza nkhani, sichingakhale chokha mbali imodzi ya semikoloni.

N'chifukwa chake mzere uwu ndi wolakwika, ngakhale umaoneka waulemu pa sikirini: "Sitinatumize katundu; chifukwa ndalama sizinalowe." Ikani mpumiro muone. "Chifukwa ndalama sizinalowe." Pocheza pakamwa, poyankha funso, zimamveka. Polemba, ndi theka la ganizo. Pamalopo sipafunika chizindikiro chilichonse: "Sitinatumize katundu chifukwa ndalama sizinalowe." Ngati mukuifunadi semikoloni, chotsani "chifukwa", ndipo chizindikirocho chigwire chokha ntchito yosonyeza ubale: "Sitinatumize katundu; ndalama sizinalowe."

Mbali yachiwiri ya lamulo ndi yoti ziganizozo zikhale pachibale chenicheni. "Ofesi ya ku Harare imalipira mafuta; ya ku Blantyre imalipira malo ogona" ndi chitsanzo chabwino, chifukwa wowerenga akufunika kuona zinthu ziwirizo moyandikana kuti amvetse mmene ndalama zagawidwira. Koma "Ofesi ya ku Harare imalipira mafuta; msonkhano wa Lachisanu wasunthidwa" ndi nkhani ziwiri zosadziwana. Mayeso a mpumiro zapambana, koma semikoloni ikuuza wowerenga kuti pali ulusi pakati pake, ndipo iye ataya nthawi kufunafuna ulusi womwe kulibe. Apa mpofunika mpumiro, mwinanso ndime yatsopano.

Komabe, choncho, ndi anzawo

Apa ndi pomwe maimelo ambiri amapunthwa. Tili ndi magulu awiri a mawu olumikiza omwe amamveka ofanana koma amalembedwa mosiyana.

Gulu loyamba ndi "ndipo", "koma" ndi "kapena". Awa ndi alumikizi enieni. Amamanga ziganizo ziwiri okha, ndipo mpatuliro patsogolo pawo ndi wokwanira: "Katundu wafika, koma mapepala sanafike." Kuika semikoloni apa ndi kumanga chingwe chachiwiri pa mtolo womwe wamangidwa kale. Pali mpata umodzi wokha pomwe olemba ena amaikabe semikoloni patsogolo pa "koma" kapena "ndipo": pamene mbali zonse ziwiri n'zazitali ndipo zili kale ndi mipatuliro ingapo m'kati. Si kulakwa, koma mu imelo chimenecho ndi chizindikiro choti chiganizo chakula mopitirira, ndipo ndi bwino kuchidula.

Gulu lachiwiri ndi "komabe", "choncho", "motero", "kuwonjezera apo", "m'malo mwake", "ngakhale zili choncho". Awa samanga. Amangoloza kumbuyo, kunena kuti chomwe chikubwerachi chikutsutsa kapena chikuchokera pa chomwe chanenedwa. Mungawazindikire chifukwa ena mwa iwo amatha kusuntha: "m'malo mwake titumiza lole yaing'ono" ndi "titumiza lole yaing'ono m'malo mwake" zonse zikumveka, pomwe "ndipo" simungamuchotse pamalo pake n'kumuika kumapeto. Popeza samanga, mpatuliro wokha patsogolo pawo ndi wofooka. Pamafunika semikoloni kapena mpumiro patsogolo, ndipo kawirikawiri mpatuliro pambuyo:

"Katundu wafika; komabe, mapepala sanafike."

"Katundu wafika. Komabe, mapepala sanafike."

Pali timisampha titatu ta m'chinenero chathu tomwe tiyenera kutidziwa, chifukwa mawu ake amasiyana pang'ono chabe. "Chifukwa" amatsogoza theka la ganizo, koma "chifukwa cha zimenezi" amayamba chiganizo chathunthu ndipo amalandira semikoloni. "Ngakhale" yekha amasiya mawu lendelende, koma "ngakhale zili choncho" ndi wa gulu lachiwiri. "Kuti" mu "tatumiza msanga kuti musadikire" amamatirira ku mneni wa patsogolo pake ndipo salola chizindikiro cholemera, pomwe "choncho" mu "tatumiza msanga; choncho simudikira" amayamba nkhani yakeyake.

Maimelo ambiri a m'maofesi a mu Harare amalembedwa m'Chingelezi, ndipo zonsezi zimagwira ntchito chimodzimodzi kumeneko. Mukataipa `however` kapena `therefore` pakati pa ziganizo ziwiri zathunthu, muwatenge ngati "komabe" ndi "choncho". `and` ndi `but` ali ngati "ndipo" ndi "koma". `because`, `although` ndi `which` ali ngati "chifukwa", "ngakhale" ndi "zomwe", ndipo semikoloni patsogolo pa theka lomwe iwo akutsogoza ndi yolakwika.

Ntchito yachiwiri: mndandanda womwe uli kale ndi mipatuliro

Apa lamulo la ziganizo zoima pazokha siligwira, ndipo mpumiro sungalowe m'malo. Mndandanda wamba umalekanitsidwa ndi mipatuliro: mafuta, matayala, mabatire. Vuto limabwera pamene chinthu chimodzi cha m'ndandandawo chili ndi mpatuliro wakewake. Onani mzere uwu wopita kwa wokonza chakudya cha pamsonkhano:

"Kubwera mkulu wa zachuma, wochokera ku Blantyre, woyang'anira madalaivala, wochokera ku Southerton, ndi mlembi."

Akonze mbale zingati? Zikhoza kukhala zisanu, ngati "wochokera ku Blantyre" ndi munthu payekha. Zikhoza kukhala zitatu, ngati mawuwo akungofotokoza mkulu wa zachumayo. Chichewa chimakumana ndi vutoli kawirikawiri, chifukwa mawu oyamba ndi wo- amagwira ntchito ziwiri: "woyang'anira" likhoza kukhala dzina la udindo, likhozanso kukhala lofotokoza munthu yemwe watchulidwa kale. Semikoloni imakhala mpanda waukulu, mipatuliro n'kukhala timipanda ta m'kati:

"Kubwera anthu atatu: mkulu wa zachuma, wochokera ku Blantyre; woyang'anira madalaivala, wochokera ku Southerton; ndi mlembi."

Taonani zinthu ziwiri. Semikoloni yaikidwa pa malire onse, kuphatikizapo patsogolo pa "ndi" womaliza, ngakhale chinthu chomalizacho chilibe mpatuliro m'kati. Mukayamba kugwiritsa ntchito semikoloni m'ndandanda, pitirizani mpaka kumapeto, chifukwa mukasakaniza wowerenga sadziwanso mpanda waukulu ndi uti. Chachiwiri, chomwe chatsegula mndandanda ndi koloni, osati semikoloni. Awiriwa amasokonezedwa kwambiri chifukwa ali pa batani limodzi, kumanja kwa `L` pa kiyibodi: mukadina batani lokha mumapeza semikoloni, mukadina pamodzi ndi `Shift` mumapeza koloni. Koloni amanena kuti "nazi zomwe ndikunena". Semikoloni satsegula kanthu. "Tikufuna izi; pasipoti, laisensi ndi inshuwalansi" ndi cholakwika chofala, ndipo mayeso a mpumiro amachigwira nthawi yomweyo, chifukwa mbali ya kumanja ilibe mneni.

Ndalama nazo zimafuna mpanda waukuluwu, popeza manambala akuluakulu ali kale ndi mpatuliro m'mimba mwawo. "Januwale, $4,500, Febuluwale, $3,250, Malichi, $5,100" ndi chipwirikiti cha timichira, ndipo diso lotopa likhoza kumata ndalama ku mwezi wolakwika. "Januwale, $4,500; Febuluwale, $3,250; Malichi, $5,100" ikuwerengeka. Ngakhale zili choncho, zinthu zikapitirira zitatu kapena zinayi, kapena ngati wolandira akuyenera kuchonga chimodzichimodzi akamachita, chotsani mndandandawo m'chiganizo ndi kuika chinthu chilichonse pa mzere wake. Imelo ilibe malire a pepala, ndipo mzere watsopano sulipiridwa.

Imelo imodzi, mfundo ndi mfundo

Tsopano titenge uthenga wathunthu wa mtundu womwe munthu amalemba ali pa changu, akuganiza uku akutaipa. Ziwerengero zake ndi zongoyerekeza.

"Bambo, tikukudziwitsani kuti katundu wa kasitomala wathu wa ku Limbe wapakiridwa kale m'lole, komabe sitinganyamuke chifukwa invoisi yomwe munatumiza Lolemba ikunena matumba 560, pomwe ife tawerenga 600; chonde tumizani ina isanakwane 10 koloko m'mawa Lachitatu, dalaivala akachedwa kunyamuka adzagona pa Nyamapanda; zomwe zidzawonjezera $80 pa ndalama za ulendo, ndipo tikufunanso makope a pasipoti ya dalaivala wachiwiri, yomwe yangotuluka kumene, laisensi yake, ya magalimoto akuluakulu, ndi inshuwalansi ya ngolo, yomwe ikutha mwezi uno."

Mawu opitirira 70, mpumiro umodzi. Njira yokonzera si kuyamba kusinthasintha zizindikiro mwachisawawa. Yambani ndi kupeza aneni omwe angaime paokha, chifukwa aliyense wa iwo ndi mwini chiganizo. Pano alipo asanu: "tikukudziwitsani", "sitinganyamuke", "tumizani", "adzagona" ndi "tikufunanso". Aneni ena onse, monga "munatumiza", "akachedwa" ndi "zidzawonjezera", akutsamira pa amenewa. Ndiye kuti muli ziganizo zisanu zomwe zapanikizidwa m'thumba limodzi, ndipo pali mfundo zinayi pomwe zakumana. Tiyang'ane mfundo iliyonse, pamodzi ndi semikoloni yachiwiri ija yomwe ili pamalo pomwe si pa mfundo n'komwe.

Mfundo yoyamba ili patsogolo pa "komabe". Pali mpatuliro wokha, ndipo taona kale kuti ndi wofooka. Semikoloni ikanaloledwa. Koma chomwe chikutsatira, choti lole siinyamuka, ndi nkhani yoipa yomwe wowerenga sayenera kuidumpha, ndipo chilembo chachikulu chimakoka diso kuposa kadontho ka pakati pa mzere. Mpumiro.

Mfundo yachiwiri ndi semikoloni ya patsogolo pa "chonde tumizani ina". Mwa lamulo ilibe mlandu: mbali zonse ziwiri zikuima, ndipo ndi zapachibale. Koma apa ndi pomwe tikufuna kunenetsa kuti kuloledwa ndi kuyenera n'zosiyana. Chomwe imelo yonseyi yalembedwera ndi pempho limeneli, ndipo lakwiriridwa pambuyo pa mawu 27, likuyamba ndi chilembo chaching'ono. Munthu wowerenga pa foni, yemwe akungoyendetsa diso kufuna chomwe akuyenera kuchita, akhoza kulipitirira. Pempho, tsiku lomaliza, ndi ndalama yoyenera kulipidwa ziyenera kukhala ndi chiganizo chawochawo. Pali ubwino winanso: wolandira akafuna kuyankha mfundo imodzi kapena kuitumiza kwa wina, amakopera chiganizo chathunthu, osati kudula pakati n'kusiya theka lomwe lingasinthe tanthauzo.

Mfundo yachitatu ili pakati pa "Lachitatu" ndi "dalaivala akachedwa". Mpatuliro wokha pakati pa ziganizo ziwiri zathunthu, wopanda mlumikizi. Ndi cholakwika chofanana ndi cha lole ndi ndalama chija, ndipo chikubweretsa chisokonezo chomwechija: kwa kamphindi wowerenga akhoza kumva kuti atumize invoisi ina pokhapokha dalaivala akachedwa. Mpumiro.

Kenako pali semikoloni ya patsogolo pa "zomwe zidzawonjezera $80". Iyi ndi yolakwika kotheratu. "Zomwe zidzawonjezera $80 pa ndalama za ulendo" sikuima palokha, likungofotokoza kugona kwa pa Nyamapanda. Wolemba anaika semikoloni chifukwa anamva kuti mpweya wamuthera ndipo mipatuliro yachuluka. Chizindikirochi sichiikidwa potengera mpweya. Pamalopo mpofunika mpatuliro.

Mfundo yachinayi ili patsogolo pa "ndipo tikufunanso". Mpatuliro ndi "ndipo" n'zololedwa, koma nkhani yasintha: tachoka pa invoisi, tapita pa zikalata. Apa mpoyambira ndime yatsopano, ndipo "ndipo" achoke, popeza -nso wa mu "tikufunanso" akugwira kale ntchito yake. M'kati mwa ndimeyi ndi momwe semikoloni ikufunikadi, ndipo ndi momwe wolemba sanaiike. Mndandanda wa zikalata uli ndi mipatuliro isanu pa zinthu zitatu zokha. Wina akhoza kuganiza kuti "laisensi yake" ndi "ya magalimoto akuluakulu" ndi zikalata ziwiri.

Imelo yokonzedwa ikhala chonchi:

"Bambo,

Chonde titumizireni invoisi ina isanakwane 10 koloko m'mawa Lachitatu. Yomwe munatumiza Lolemba ikunena matumba 560; ife tawerenga 600.

Katundu wa kasitomala wathu wa ku Limbe wapakiridwa kale m'lole. Komabe, sitinganyamuke mpaka ziwerengerozi zitagwirizana. Dalaivala akachedwa kunyamuka adzagona pa Nyamapanda, zomwe zidzawonjezera $80 pa ndalama za ulendo.

Tikufunanso makope a zikalata zitatu izi: pasipoti ya dalaivala wachiwiri, yomwe yangotuluka kumene; laisensi yake ya magalimoto akuluakulu; ndi inshuwalansi ya ngolo, yomwe ikutha mwezi uno."

Masemikoloni awiri oyambirira aja onse achoka, ndipo abwera atatu m'malo ena. Yoyang'anitsitsa ndi ya pakati pa 560 ndi "ife tawerenga 600". Apa semikoloni ikuposa mpumiro, chifukwa nkhani yonse ili m'kusiyana kwa manambala awiriwo, ndipo wowerenga ayenera kuwaona pa mpweya umodzi kuti aone matumba 40 omwe akusowa pa invoisi. Ziganizo zake n'zazifupi ndiponso zoumbidwa mofanana: uku akunena chakuti, uku tapeza chakuti. Pamenepa ndi pomwe semikoloni ili kwawo. Wina angafunse kuti, nanga bwanji chiganizocho chayamba ndi "yomwe", mawu omwe tawaika m'gulu la osaima paokha? Chikuima chifukwa pambuyo pake pabwera mneni womaliza nkhani, "ikunena". Mayeso si kuyang'ana liwu loyamba lokha ayi, koma kumva ngati ganizo latha.

Mwinanso mwaona kuti "tikukudziwitsani kuti" wachoka. Mawu otsegulira ngati amenewa ali ndi vuto lawolawo pa zizindikiro: chilichonse chomwe chikutsatira "kuti" chimakhala m'mimba mwa chiganizo chimodzi, ndipo wolemba amaopa kuika mpumiro chifukwa amamva ngati atuluka m'chomwe akudziwitsacho. Ndiye amapitiriza ndi mipatuliro ndi masemikoloni mpaka pansi. Mukachotsa mutuwo, ziganizo zimamasuka zokha.

Za ulemu

Pali chifukwa china chomwe anthu athu amatalikitsira ziganizo, ndipo n'chomveka. Tinaleredwa kuti wamkulu sumulasa ndi mawu, umayamba wazungulira kaye. Kalaliki polembera bwana wake amaona ngati chiganizo chachifupi chokhala ndi mpumiro ndi lamulo, ndiye amachikulunga m'zifukwa ndi kuchimata ndi semikoloni kuti chifewe. Nkhawa imeneyi siyoipeputsa. Koma ulemu wa m'Chichewa uli m'mawu, osati m'zizindikiro. Uli mu "chonde", mu -ni wa "titumizireni", mu "tikupempha", mu "ngati n'kotheka", m'malonje a pamwamba ndi "zikomo" wa pansi. Onsewa amakwana m'chiganizo cha mawu khumi. "Bwana, tikupempha kuti musaine fomuyi lero ngati n'kotheka. Banki ikuifuna mawa m'mawa." Palibe mwano apa, ndipo bwanayo wadziwa chochita atangowerenga kamodzi.

Malire alipo mbali inayonso. Mukadula chilichonse, imelo imamveka ngati munthu akugogoda pa tebulo: "Invoisi yalakwika. Lole siinyamuka. Tumizani ina. Dalaivala akudikira." Ubale wa mfundozi watayika, ndipo mawu akumveka aukali ngakhale wolembayo sanakwiye. Mankhwala ake si kubwezeretsa masemikoloni pa mfundo iliyonse, koma kubwezeretsa mawu osonyeza ubale: "Lole siinyamuka chifukwa invoisi yalakwika. Chonde tumizani ina, popeza dalaivala akudikira." Semikoloni imangonena kuti pali ubale koma sinena kuti ndi wotani. "Chifukwa", "koma" ndi "choncho" amautchula dzina. Pa nkhani za ndalama, mapangano kapena mlandu wa kuntchito, pomwe imelo ikhoza kudzawerengedwanso pakapita miyezi ndi munthu yemwe panalibe, kutchula ubalewo n'kofunika. "Dalaivala anachedwa; katundu anawonongeka" ikusiya wowerenga aganize yekha ngati kuchedwako ndi komwe kunawononga katundu. Ngati mukutanthauza zimenezo, lembani "chifukwa". Ngati simukutanthauza zimenezo, musaziike pa mzere umodzi.

Pa muyeso, tingalangize chonchi. Chiganizo chimodzi chisakhale ndi semikoloni yolumikiza yoposa imodzi. Mukapeza ziwiri, ndiye kuti muli ziganizo zitatu, ndipo chimodzi mwa izo chiyenera kupatsidwa mpumiro. Chiganizo chikadutsa mawu 25 kapena 30, chiyang'aneninso, pokumbukira kuti mawu a Chichewa ndi aatali ndipo 30 a iwo amadzaza mizere ingapo pa sikirini ya foni. Ichi si lamulo la galamala, ndi muyeso wongothandiza diso.

Pa kiyibodi

Semikoloni imamatirira ku liwu la patsogolo pake popanda mpata, ndipo pambuyo pake pamabwera mpata umodzi. Liwu lotsatira limayamba ndi chilembo chaching'ono, kupatula ngati ndi dzina, monga Harare, Tete kapena Lachitatu. Mukasintha semikoloni kukhala mpumiro pa kompyuta, kumbukirani kukweza chilembocho, chifukwa pokonza mawu olembedwa kale pulogalamu siimakweza yokha nthawi zonse. Pa malonje a pamwamba pamafunika mpatuliro: "Bambo," osati semikoloni. Pa foni chizindikirochi chili pa tsamba la manambala, lomwe limatseguka mukadina `?123` kapena `123` malinga ndi foni yanu, ndipo pa zilembo zazing'ono za sikirini chimafanana kwambiri ndi mpatuliro. Ngati tanthauzo lonse la chiganizo chanu latsamira pa kadontho kapamwambako, ngati mmene zinalili ndi lole ndi ndalama zija, musadalire kuti aliyense akaona. Ikani mpumiro ndi chilembo chachikulu.

Pali malo amodzi mu imelo pomwe semikoloni ilibe chochita ndi galamala. Mu `Outlook`, ndiyo imalekanitsa maadiresi a olandira m'mabokosi a `To` ndi `Cc`, pomwe `Gmail` imagwiritsa ntchito mpatuliro. Mukakopera mndandanda wa maadiresi olekanitsidwa ndi mipatuliro n'kuumata mu `Outlook` ya pa kompyuta, pulogalamuyo ikhoza kuwatenga onse ngati dzina limodzi losadziwika n'kukana kutumiza. Sinthani mipatuliroyo kukhala masemikoloni, kenako dinani `Check Names` muone ngati adiresi iliyonse yadulidwa mzere pansi payokha musanatumize.